Tsiku la pa tiketi limasintha anthu ali m'tulo

Mwana akavuta cha m'ma 2 koloko usiku, m'mawa mwake mayi amauza anzake pa mpopi kuti, "Usiku wa dzulo sindinagone." Palibe amene amawatsutsa. M'kalankhulidwe kathu tsiku limayamba kunja kukacha, tambala atalira ndipo mbaula yayatsidwa. Mdima wonse, kuyambira pamene tatseka chitseko mpaka mbandakucha, timauika m'thumba la tsiku limene lapita. Pakhomo zimenezi sizivuta munthu. Zimayamba kuvuta tikagwira tiketi ya basi, ya sitima kapena ya ndege, chifukwa amene amalemba matiketi sadikira tambala. Kwa iwo tsiku latsopano limayamba pakati pa usiku penipeni, wotchi ikachoka pa 23:59 n'kufika pa 00:00.

Lamulo limeneli si lachilendo kwa ife. Pa 31 Disembala matchalitchi a ku Matero, Kanyama ndi Mtendere amadzaza anthu ochezera, ndipo aliyense amadziwa kuti chaka chimalowa nthawi ya 00:00, kunja kudakali bii. Ngakhale dziko lathu linabadwa motero. Anthu anakhamukira ku Independence Stadium madzulo a Lachisanu pa 23 Okutobala 1964, mbendera yatsopano inakwezedwa pakati pa usiku, ndipo tsiku limene timakumbukira ufulu ndi 24 Okutobala, lomwe chaka chimenecho linali Loweruka. Munthu amene akanamva kuti mwambo uli pa 24 n'kupita kubwaloko usiku wa Loweruka, akanapeza mbendera ili m'mwamba kale, anzake atagona. Kulakwitsa kwa pa matiketi a usiku n'komweku, kungoti kumadya ndalama.

Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi n'kuchiyenda pang'onopang'ono. Tiyerekeze kuti mayi wina wa ku Chawama, amene amagulitsa zovala ku Kamwala, wagula tiketi ya ndege yokapikula katundu kunja, kudzera ku Nairobi. Pa foni yake pabwera uthenga wa tiketi, ndipo mzere wonyamukira walembedwa chonchi:

```
LUN NBO 14MAR 0150 0530
```

Zilembo zitatu zoyambazo ndi bwalo la ndege la Kenneth Kaunda kuno ku Lusaka, zotsatirazo ndi Nairobi. Kenako pali tsiku, 14 Malichi, nthawi yonyamuka ndi nthawi yofika. M'chaka cha 2026, 14 Malichi ndi Loweruka. Mayiyo akuwerenga n'kunena mumtima kuti, "Ndinyamuka Loweruka usiku." Loweruka masana akulongedza bwinobwino, akutsanzikana ndi ana, ndipo cha m'ma 22:00 akufika pabwalo ndi zikwama zake. Ndege yake inapita maola oposa 20 apitawo. Nthawi ya 01:50 pa 14 Malichi ndi ola limodzi ndi mphindi 50 chilowereni Loweruka, kutanthauza usiku umene ife timautcha wa Lachisanu.

Kawerengedwe koyenera n'kobwerera m'mbuyo, monga mmene mayi wophikira maliro amayambira pa nthawi yodyera kuti adziwe nthawi yoteleka madzi. Ndege inyamuka 01:50 Loweruka. Pa ulendo wotuluka m'dziko makampani ambiri amafuna munthu afike maola atatu nthawi isanakwane, choncho afike 22:50, ndipo 22:50 imeneyo ndi ya Lachisanu pa 13. Bwalo lili kutali, kupitirira Chelston, ndiye kuchokera ku Chawama ayenera kutuluka pakhomo cha m'ma 21:30 Lachisanu lomwelo. Nambala 13 siikuoneka paliponse pa tiketi, koma ndilo tsiku lotsanzikana ndi ana. Wa takisi auzidwe za Lachisanu usiku, osati Loweruka.

Chimene chimapweteka kwambiri pa ndege n'chakuti kuphonya gawo loyamba kumagwetsa ulendo wonse. Tiketi ya ndege imakhala ya magawo otsatizana: Lusaka kupita ku Nairobi, Nairobi kupita kutsogolo, kenako magawo obwerera. Munthu akapanda kuoneka pa gawo loyamba, kompyuta imamulemba kuti `NO SHOW`, ndipo makampani ambiri amafafaniza malo ake pa magawo onse otsala, kuphatikizapo obwerera kwawo. Zili ngati chilimba: ukadumpha mwezi wako wopereka, sungayembekeze kuti dzina lako likhalabe pa mndandanda wolandira. Kuti malo abwezeretsedwe pamafunika chindapusa, mwinanso kuwonjezera pa mtengo wa tiketi, ndipo matiketi ena otchipa amangofa. Amene wazindikira kulakwitsa ndege isananyamuke amakhala pabwino kuposa amene wazindikira itapita, choncho kuimba foni msanga kumathandiza.

Pa mzere womwe uja pali chinthu china chofunika kuchiona. Nthawi yofika yalembedwa 05:30, koma ndege siikhala m'mwamba maola atatu ndi mphindi 40 ayi. Nthawi iliyonse ya pa tiketi imalembedwa potsatira wotchi ya malo amene yatchulidwapo. Nairobi, Dar es Salaam ndi Addis Ababa ali patsogolo pa Lusaka ndi ola limodzi, Dubai ndi maola awiri, pamene Lilongwe, Harare ndi Johannesburg amayendera wotchi imodzi ndi ife. Tsiku nalonso limatsata wotchi yomweyo. Ndege yonyamuka kuno 21:30 n'kuuluka maola asanu ndi awiri imatera ku Dubai 06:30 ya kumeneko, ndipo pambali pa nthawiyo pamakhala kachizindikiro kakang'ono `+1`. Kameneka kakunena kuti mufika tsiku lotsatira. Tiketi ikhalabe ya tsiku lonyamuka, koma wokuchingamirani muzimuuza tsiku la `+1`.

Ambiri a ife sitikwera ndege, timakwera basi pa Intercity, mumsewu wa Dedan Kimathi. Apa nkhani ili ndi mbiri yake. M'chaka cha 2016, ngozi za mabasi zitachuluka, boma linatulutsa lamulo la nambala 76 la chaka chimenecho loletsa magalimoto onyamula anthu kuyenda pakati pa 21:00 ndi 05:00. Maola akewo anasinthidwapo pambuyo pake, ndipo amene amawayang'anira ndi a RTSA. Chizolowezi chimene lamuloli linakhazikitsa n'chimene tikuchiona: mabasi oyamba a ku Chipata, Lundazi, Mongu ndi Kasama amanyamuka kusanache, ndipo basi ya ulendo wautali imene usiku waipeza panjira imatha kuima penapake mpaka nthawi yololedwa itakwana. Motero ngakhale basi isayende usiku wonse, wokwera amadutsabe pakati pa usiku tiketi ili m'thumba.

Munthu wa ku Kanyama kapena George amene basi yake ndi ya "ziro faifi", monga timanenera, sangayembekeze minibasi nthawi ya 03:00, ndipo kuyenda pansi ndi katundu mumdima, makamaka nthawi ya mvula, si chinthu chimene munthu angachifune. Ambiri amapita madzulo n'kukagona pa siteshoni, ena m'basi momwemo ngati aloledwa. Ndiye taonani mmene mawu akuti "mawa" amaterera. Mukafika pa windo Lachinayi nthawi ya 20:00 n'kunena kuti mukufuna basi ya mawa ziro faifi, mwanena Lachisanu, ndipo nonse mwamvana. Koma mukafika 00:30, kapena mukamutuma mphwanu kukulipirirani pa foni nthawi imeneyo, n'kunena "mawa ziro faifi", inu mukutanthauza basi imene inyamuke pakangopita maola anayi ndi theka. Kwa wolemba tiketi, kapena kwa kompyuta yake, basi imeneyo ndi ya lero, chifukwa Lachisanu lalowa kale. Akamva "mawa" n'kutsata kalendala, akupatsani mpando wa Loweruka. Mudzazindikira nthawi ya 04:30, mutapeza pa mpando nambala 23 pali munthu wina amenenso ali ndi tiketi ya nambala 23, yake ya tsiku loyenera.

Tiketi ya basi nthawi zambiri imakhala ndi masiku awiri, ndipo anthu amawasokoneza. Lina ndi tsiku limene mwalipira, lina ndi tsiku la ulendo. Loyambalo ndi umboni chabe wakuti ndalama inalowa, ngati lisiti ya mayunitsi a magetsi. Limene limagwira mpando ndi lachiwirilo, pamodzi ndi nthawi yonyamuka ndi nambala ya mpando. Zitatuzi zimayendera pamodzi: mpando 23, basi ya 05:00, Lachisanu pa 13. Chimodzi chikasintha, mpandowo si wanu. Pa matiketi olembedwa pamanja, mofulumira, pakati pa phokoso la angwangwazi, 13 ndi 18 zimafanana, ndipo nthawi zina mzere wa tsiku la ulendo umasiyidwa osalemba. Musachoke pa windo musanauwerenge mokweza kuti wolembayo avomere.

Nanga pakati pa usiku pakakupezani muli m'njira, tiketi ya dzulo imatha mphamvu? Ayi. Apa tiketi ya ulendo imasiyana ndi bando ya foni. Bando imagulidwa kwa nthawi, ndipo nthawiyo ikakwana imatha ngakhale muli pakati pa kulankhula. Tiketi ya ulendo imagulidwa kwa mtunda: kuchokera pano kukafika apo, pa basi kapena sitima imeneyi. Ulendo wa ku Nakonde ndi wa makilomita pafupifupi 1,000, ndipo basi imene yanyamuka Lachisanu n'kufika Loweruka imakunyamulani pa tiketi ya Lachisanu yomweyo. Palibe kondakitala amene ali ndi chifukwa chokulipiritsani kawiri poti tsiku lasintha. Chimodzimodzi basi ikachedwa yokha. Ngati inayenera kunyamuka 20:00 koma yanyamuka 05:00 m'mawa mwake chifukwa inali kukonzedwa, ikadali basi ya tsiku lija, ndipo tiketi yanu ikadali yake. Chimene chimathetsa tiketi ndi kutsika mwakufuna kwanu. Mukatsikira ku Petauke kukaona achibale n'kufuna kupitiriza ku Chipata pa basi ya mawa, umenewo ndi ulendo wina, pokhapokha ngati munagwirizana ndi kampani musananyamuke.

Sitima ya TAZARA imaonetsa bwino mfundo yomweyi, komanso ili ndi msampha wake. Njanjiyi ndi ya makilomita 1,860 kuchokera ku New Kapiri Mposhi kukafika ku Dar es Salaam, ndipo wokwera amagona m'sitima usiku uwiri pa tiketi imodzi ya tsiku lonyamuka. Kwa zaka zambiri anthu akhala akunena za "sitima ya Lachiwiri" ndi "sitima ya Lachisanu", potengera tsiku limene imachoka ku Kapiri. Dzina limeneli ndi loona kwa wokwerera ku Kapiri yekha. Sitima yochoka Lachiwiri madzulo imafika ku Kasama tsiku litasintha kale, Lachitatu. Tsono ngati mukugulira amalume anu tiketi yokwerera pa siteshoni ya panjira, mawu akuti "ya Lachiwiri" sakukwanira. Funsani zinthu ziwiri padera: tsiku limene sitimayo ichoke ku Kapiri, ndi tsiku ndi nthawi imene ikuyembekezeka pa siteshoni ya amalumewo. Mukawoloka ku Nakonde kulowa Tunduma, wotchi ipite patsogolo ola limodzi. Ndipo mukamafunsa nthawi ku Tanzania tcherani khutu, chifukwa m'Chiswahili maola amawerengedwa kuyambira m'mawa: 7 koloko ya m'mawa amaitcha ola loyamba. Anzathuwo anangoika m'chilankhulo chimene ifenso timachimva mumtima, kuti tsiku limayamba ndi dzuwa. 

Pali malo amodzi pamene tsiku la pa tiketi lilibe mawu n'komwe, ndipo apa ndi pamene amalonda ayenera kusamala kwambiri: pa malire a dziko. Wa zolowa ndi kutuluka sayang'ana tsiku limene munakwera basi. Amayang'ana tsiku limene mwaima pamaso pake, ndipo chidindo chake chimasintha pakati pa usiku. Tiyerekeze bambo wa ku Kalingalinga amene anapita ku Johannesburg kukagula zida za galimoto, ndipo m'pasipoti mwake anamulembera kuti akhale mpaka pa 20. Iye akugula tiketi ya basi ya pa 20, yonyamuka 18:00, mtima uli m'malo poti wanyamuka tsiku lake lisanathe. Koma kuchokera ku Johannesburg kukafika ku Beitbridge ndi makilomita oposa 500, ulendo wa maola asanu ndi awiri kapena kuposa pa basi. Akufika 01:00, ndipo mzere wa pa Beitbridge, umene umagwira ntchito usana ndi usiku, ukhoza kudya maola enanso. Chidindo chikuti 21. Wapitirira ndi tsiku limodzi. Kuyambira 2014, malamulo a South Africa amati munthu wopitirira masiku ake, ngakhale ochepa osaposa 30, alembedwe kuti ndi wosafunika m'dzikomo kwa miyezi 12. Pali njira yodandaulira, koma imatenga nthawi, ndipo geni siidikira. Tiketi imene bamboyu anayenera kugula ndi ya pa 19, kapenanso ya pa 18 poopa kuti basi ingawonongeke panjira. Pa masiku a m'pasipoti, werengani ola lodutsa pa malire, osati ola lokwera.

Matiketi obwerera osatchula tsiku ali ndi malire awonso. Pa ndege, tiketi wamba imagwira ntchito chaka chimodzi, ndipo zotchipa zimakhala ndi nthawi yaifupi imene imalembedwa m'malamulo a mtengowo. Tsiku lomaliza limatha pakati pa usiku, ndipo chimene makampani ambiri amayang'ana ndi nthawi yonyamuka. Ngati tiketi ikutha pa 30, ndege ya 23:30 pa 30 ili mkati ngakhale ikatere pa 31. Ndege ya 00:40 usiku womwewo ili kunja, chifukwa ndi ya pa 31. Kusiyana kwake ndi ola limodzi ndi mphindi 10 basi. Dziwaninso kuti tiketi yosatchula tsiku siigwira mpando. Ndi ngati ndalama imene mwasungitsa kwa wa kantemba: ndi yanu, koma buledi wa tsikulo muyenera kumuitanitsa asanathe.

Kwathu kuno tili ndi mwayi umodzi. Mzambia aliyense, ngakhale gogo wa ku Mtendere, amanena "fifitini awazi" osaganiza kawiri, ndipo wotchi ya maola 24 siisokoneza usana ndi usiku. Vuto limabwera ndi mafoni ndi masamba ogulirapo matiketi amene amalemba `12:30 AM`. Imeneyo ndi 00:30, theka la ola tsiku litangoyamba, osati nthawi ya nsima ya masana, imene imalembedwa `12:30 PM`. Ngati foni yanu imaonetsa nthawi motere, isintheni kuti izionetsa maola 24. Mukaona 00:00 pa tsiku lakutilakuti, kumeneko ndi kuyamba kwa tsikulo, ndipo 24:00 ndi kutha kwake. Malo ogona alendo okha ndi amene amawerenga ngati ife a pa mpopi. Mukafika 02:00 Loweruka n'kufuna bedi, chipinda chimene mulipire ndi cha usiku wa Lachisanu. Mukasungitsa cha Loweruka, angakuuzeni kuti mudikire mpaka masana.

Tsono maganizo anga ndi awa. Sindikuona kuti wokwera amene wasokoneza 01:50 ndi wosaphunzira kapena wosasamala. Chilankhulo chake chimamuuza zoona za moyo wake, ndipo pepala likumuuza zoona za kalendala. Amene amadziwa zonse ziwiri ndi wogulitsa tiketi, chifukwa amaziona tsiku ndi tsiku, choncho udindo waukulu uli pa iye. Sizimutengera ngakhale mphindi imodzi kunena kuti, "Amayi, ndege iyi ndi ya usiku wa Lachisanu, kucha kwake Loweruka. Mubwere Lachisanu." Makampani a mabasi athanso kuwonjezera pa tiketi mzere wa dzina la tsiku, kuti pambali pa 13 pazilembedwa Lachisanu, popeza nambala imawerengeka molakwika koma dzina la tsiku silisokonekera. Kulandira ndalama ya munthu, kumuona akupita ndi tsiku lolakwika m'mutu, kenako n'kumulozera malamulo a tizilembo ting'onoting'ono kuseri kwa tiketi, kungakhale kololedwa koma si malonda abwino.

Kufikira pamene ogulitsa onse adzayambe kutero, dzitetezeni nokha. Pa windo musanene "mawa" kapena "usiku uno". Tchulani dzina la tsiku, nambala yake ndi ola. Nthawi ya pa tiketi ikakhala pakati pa 00:00 ndi 05:00, tengani cholembera, mulembe kuseri kwake tsiku lotuluka pakhomo, limene ndi dzulo lake la tsiku losindikizidwalo, ndipo muuze wa takisi ndi a kunyumba tsiku limene mwalembalo.